Mafunso ndi mayankho: kufupikitsa nkhani yaitali ya pagulu la WhatsApp kwa munthu amene wabwera mochedwa

Ndine mlembi wa kagulu ka alimi 23 kuno ku Angoniya, chakufupi ndi Ulongwe. Timalima chimanga, nyemba ndi mbatatesi, ndipo chaka chilichonse timasonkha ndalama n'kugula feteleza pamodzi kuti mtengo wa galimoto utipepukire. Kale zonse tinkakambirana pansi pa mtengo Loweruka masana. Masiku ano zambiri zimathera pafoni. Vuto lake n'lakuti wina akapita kumaliro masiku atatu, kapena akakhala kumunda kumene netiweki sigwira, kapena mamega akamuthera, amabwerako n'kupeza mauthenga mazanamazana akumudikira. Amalemba funso limodzi: "Tafika pati?" Funso limeneli limagwera ine pafupifupi sabata iliyonse, ndipo mafunso ali m'munsiwa ndi amene alembi anzanga a magulu ena, a kumpingo ndi a mabanja amandifunsa kawirikawiri.

Kodi kufupikitsa si kungofotokoza zonse zimene zanenedwa, koma mwachidule?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri timaphonya. Munthu akatifunsa kuti tafika pati, mtima umathamangira kuyamba pachiyambi: Lolemba wapampando ananena chakuti, kenako uje anayankha chakuti, madzulo ake kunabuka mkangano. Imeneyo ndi mbiri ya zokambirana. Wobwera mochedwa sakufuna mbiri. Akufuna kudziwa pamene nkhani yaima lero, ndiponso chimene iyeyo ayenera kuchita.

Ganizirani munthu amene wafika pabwalo mlandu uli mkati. Amakhala pambali pa mnzake n'kumukodola. Mnzakeyo samubwerezera mawu a mboni iliyonse. Amamunong'oneza kuti, "Avomera kuti mbuzi zinadyadi chimanga, tsopano akulimbana pa kuchuluka kwa chindapusa, ndipo amfumu amakufunsani inu chifukwa munda wanu uli m'malire." Mawu ochepa amenewo amukonzekeretsa kuima ndi kulankhula. Chidule cha pafoni chiyenera kugwira ntchito yomweyo. Chinene zimene zagwirizanidwa, zimene zikadali poyera, ndi zimene zikudikira munthu amene mukumulemberayo pamodzi ndi tsiku lake. Zina zonse zimalowa pokhapokha ngati popanda izo munthuyo angasokonezeke.

Mauthenga ndi ambiri. Ndiyambire pati kuwerenga?

Yambirani kumapeto, mubwerere m'mbuyo. Zikumveka zokhota, koma chifukwa chake n'chomveka. Pagulu, mawu omaliza pa mfundo iliyonse ndi amene amafafaniza oyamba. Mukayambira pamwamba, mtengo woyamba umene mwauwerenga ndi umene umakhazikika m'mutu, ndipo pofika pansi maso atopa kale, uthenga wosintha mtengowo mumangoudutsa. Mukayambira pansi, chimene mwayamba kuona ndi chimene chikugwira ntchito panopa.

Ine ndimatenga kope ndi cholembera, pakuti kusunga zinthu m'mutu uku chala chikutsetsereka pafoni n'kodzinamiza. Ndimagawa tsamba patatu: "zatha", "zatsala", "za iyeyo". Ndikakumana ndi uthenga wokhala ndi ndalama, tsiku, malo kapena dzina la munthu amene wapatsidwa ntchito, ndimaudinikiza n'kuuika kanyenyezi kuti ndiupezenso mosavuta, kenako ndimalemba m'kope pamalo pake. Moni, mapemphero a m'mawa, zithunzi za maluwa ndi ma "zikomo" ndimangodutsa. Ndikafika pamene munthuyo anasiyira kuwerenga, ndimaima. Kupitirira pamenepo n'kumuuza zimene akudziwa kale.

Ndikatha, ndimabwereranso kamodzi kuchokera pamwamba, mofulumira, kuyang'ana chinthu chimodzi chokha: funso limene linafunsidwa koma palibe analiyankha. Mafunso otere amamira msanga, makamaka ngati pambuyo pake panabwera nkhani yotentha. Nthawi zambiri mumapeza kuti funso lomiralo linali lopita kwa munthu yemweyo amene kunalibe.

Tationetseni chitsanzo chenicheni.

Nachi cha m'gulu lathu. Mayina ndawachotsa ndipo mitengo muitenge ngati yachitsanzo, popeza imasintha chaka ndi chaka.

Bambo wina wa m'gulu mwathu anapita kumaliro a mlongo wawo cha ku Domwe Lolemba pa 10 Novembala, nabwerako Lachinayi madzulo pa 13. Anapeza mauthenga oposa 200. Mkati mwa masiku amenewo munachitika izi. Lolemba wapampando anabweretsa mtengo wa 2600 metikali pa thumba la makilogalamu 50. Anthu anayamba kutchula matumba awo, ndipo onse pamodzi anakwana 60. Lachiwiri kunabuka mkangano wautali pa galimoto: ena ankafuna ya mwana wa membala mnzathu, ena ankati inatichedwetsa chaka chatha. Mkangano umenewu wokha unadya pafupifupi theka la mauthenga onse. Lachitatu m'mawa msungichuma anaimbira wogulitsa ndipo anabwera ndi uthenga wa mawu wonena kuti mtengo wakwera kufika 2750. Anthu awiri anachepetsa matumba awo, onse pamodzi anatsika kufika 57. Lachitatu madzulo wapampando anatseka nkhani ya galimoto: tigwiritsa ntchito ina, pa 100 metikali thumba lililonse. Lachinayi anagwirizana kuti ndalama zifike kwa msungichuma pasanafike Lachisanu 18 koloko. Za malo otsitsira, kaya pasukulu kaya kunyumba kwa wapampando, anazikamba koma sanazimalize. Ndipo penapake Lachiwiri, pakati pa mkangano uja, msungichuma anafunsa ngati bambowa akufunabe matumba atatu monga ananenera pamsonkhano. Palibe anayankha.

Chidule changa choyamba, chimene ndinalemba ndikuthamangira kudimba, chinali chotere:

"Bambo, takambirana zambiri. Poyamba panali mtengo wa 2600, kenako anthu anakangana za galimoto, ena amati iyi ena iyo, koma zatheka. Ndalama zikufunika mawa. Zina muwerenge pagulu."

Bambowa anachita zimene munthu aliyense akanachita. Anaona nambala imodzi yokha, 2600, anafunsa mnzawo mtengo wa galimoto, anawerengera matumba atatu n'kutumiza 8100. Inapelewera ndi 450. Uthengawo anauwerenga Lachisanu m'mawa, choncho "mawa" kwa iwo linali Loweruka, ndipo anatumiza tsiku litadutsa kale. Cholakwa chinali changa. Ndinalemba mtengo wakufa, ndinataya mzere wathunthu pa mkangano umene unali utatha, ndipo funso lowayembekezera sindinalitchule n'komwe.

Chimene ndinayenera kulemba ndi ichi:

"Bambo, pepani ndi zovuta, mwafika bwino? Nayi nkhani ya feteleza mmene ilili Lachinayi pa 13 Novembala, 19 koloko.
Zagwirizanidwa: thumba ndi 2750 metikali (unakwera Lachitatu, wa 2600 uja musautsate), galimoto ndi 100 pa thumba.
Za inu: msungichuma akufunsa ngati mukufunabe matumba 3. Ngati ndi choncho, ndalama yanu ndi 8550, ifike kwa iwo Lachisanu pa 14 pasanakwane 18 koloko.
Zatsala: malo otsitsira sanagwirizane, kaya pasukulu kaya kwa wapampando. Ngati muli ndi maganizo, nenani pagulu."

Onani zimene zasowamo. Mkangano wa galimoto mulibe, chifukwa bambowa sangachitepo kanthu. Anthu awiri amene anachepetsa matumba mulibe, chifukwa sizikukhudza thumba lawo. Mtengo wakale ndautchula kamodzi kokha, ndipo ndautchula kuti ndiuphe, popeza ndikudziwa kuti akamatsetsereka pagulu akumana nawo. Masamu ndawachitiratu: 2750 kuphatikiza 100 ndi 2850, kuchulukitsa katatu ndi 8550. Munthu wochoka kumaliro, wosagona masiku atatu, si womusiyira masamu.

Ndingadziwe bwanji kuti chinthu chagwirizanidwadi, osati changokambidwa?

Funso ili ndi limene limasiyanitsa mlembi wodalirika ndi wofalitsa mphekesera, ndipo ndikufuna ndikhalepo pang'ono.

Pagulu la pafoni anthu samaimika manja. Wina amalemba kuti, "Bwanji titsitsire pasukulu?" Atatu amaika chala chachikulu, mmodzi amati "zili bwino", ena 18 ali chete. Kodi zagwirizanidwa? Wolemba maganizowo amakhulupirira kuti inde. Amene anali chete ena sanawerenge, ena sanafune kutsutsa wamkulu pagulu, ena akudikira wapampando. Inu mukalemba m'chidule kuti "tagwirizana kutsitsira pasukulu", mwasandutsa maganizo a anthu asanu kukhala lamulo la gulu, ndipo mwachita zimenezi ndi dzanja lanu. Wobwera mochedwa adzakhulupirira inu, adzauza ena, ndipo tsiku lotsitsa ngolo zina zidzapita kusukulu, zina kwa wapampando.

Ine ndimayesa ndi mafunso awiri. Loyamba: kodi amene ali ndi udindo wotseka nkhani imeneyi waitseka? Pa ndalama ndi msungichuma, pa zochita za gulu ndi wapampando, pa nkhani za banja ndi mwini mbumba kapena amene banja lamuika patsogolo. Lachiwiri: kodi pambuyo pa mawu akewo pali wina amene anatsutsa ndipo sanayankhidwe? Ngati yankho loyamba ndi inde ndipo lachiwiri ndi ayi, ndimalemba kuti "zagwirizanidwa". Zikapanda kutero ndimalemba mmene zilili: "ambiri akukonda pasukulu, koma wapampando sanatseke." Mawu amenewa ndi otalikirapo pang'ono, koma ndi oona.

Samalaninso ndi mawu ofewa amene timakonda polemekezana. "Tiona", "palibe vuto", "tamva" ndi "chabwino, tikambirana" si kuvomera. Munthu wamkulu akalemba kuti "tamva", nthawi zambiri akutanthauza kuti wamva basi. Ngati mukukayika, musaganizire. Mufunseni payekha mwini mawuwo musanalembe: "Mayi, paja mwati tamva, ndilembe kuti mwavomera?" Zimatenga mphindi ziwiri.

Chidule chikhale chachitali bwanji?

Chikwane pagalasi la foni popanda kutsetsereka. Kwa ine imakhala mizere isanu kapena isanu ndi umodzi. Chikapitirira pamenepo, kawirikawiri ndiye kuti mwalowetsamo mbiri, kapena mwaphatikiza nkhani ziwiri zosiyana. Ngati gulu likukamba za feteleza ndiponso za chopereka cha maliro, lembani mauthenga awiri, uliwonse ndi mutu wake.

Pa ndalama ndi masiku, n'chiyani chimene chimasokoneza anthu kwambiri?

Choyamba ndi "mawa", "dzulo", "mkuja" ndi "sabata ya mawa". Mawu amenewa ndi amoyo pa tsiku limene alembedwa lokha. Wobwera mochedwa, mwa chikhalidwe chake, amawerenga mochedwa. Lembani dzina la tsiku ndi deti lake: Lachisanu pa 14. Mukakopera mawu a munthu wina amene analemba "mawa" Lachiwiri, asandutseni kukhala Lachitatu. Chidule chenichenicho chikhalenso ndi tsiku ndi ola limene mwachilemba, kuti wowerenga adziwe kuti zimene zabwera pambuyo pake simunaziwerengere.

Chachiwiri ndi mtundu wa ndalama. Ife a m'malire muno timagwira metikali ndi kwacha tsiku limodzi. Wina amagula ku Ulongwe, wina amadutsa pa Kalomwe kukagula ku Dedza, wina ali ku Zobwe. Nambala yopanda dzina la ndalama ndi msampha. Komanso akuluakulu ena amawerengabe monga kale, metikali isanachotsedwe maziro atatu mu 2006, moti akati "miliyoni ziwiri" akunena 2000. Inu lembani m'ndalama ya lero, ndi manambala.

Chachitatu n'chaching'ono koma chinatipweteka kale. Amene anaphunzira m'Chipwitikizi amalemba 2.750 ndi kadontho, amene anaphunzira ku Malawi amalemba 2,750 ndi mpumiro. Ine ndinasiya zonse ziwiri, ndimangolemba 2750. Ndipo nenani ngati mtengo uli wa thumba limodzi kapena wa zonse, ndiponso njira yotumizira imene gulu lasankha, kaya ndi M-Pesa, e-Mola kapena pamanja. Nambala yotumizirako ndalama musailembe pamtima. Ikopereni kuchokera pa uthenga wa msungichuma, kapena uzani munthuyo kuti aitenge kwa msungichuma mwiniwake.

Kuti nambala yofunika ioneke msanga, ikutireni ndi tinyenyezi, mwachitsanzo `*8550*`, ndipo idzaoneka yakuda kwambiri. Chitani zimenezi pa zinthu ziwiri zokha, ndalama ndi tsiku. Mukadetsa mzere uliwonse palibe chimene chioneke.

Nanga mauthenga a mawu? Gulu lathu ambiri amajambula mawu m'malo molemba.

Kwathunso ndi choncho, ndipo n'zomveka. Ambiri timalankhula Chichewa koma kusukulu tinaphunzira kulemba Chipwitikizi, choncho kujambula mawu kumapepuka. Koma uthenga wa mawu sungaufufuze polemba liwu m'bokosi lofufuzira monga muchitira ndi wolembedwa, ndipo suonetsa zimene uli nazo mpaka utaumvera. Kukwera kwa mtengo kuja kunali mu uthenga wa mawu wa mphindi zitatu, ndipo nambala inatchulidwa kumapeto, pambuyo pa moni ndi kudandaula za mvula. N'chifukwa chake ndinaiphonya.

Palibe njira yachidule apa: muyenera kuwamvera, makamaka a wapampando ndi msungichuma. Mutha kufulumizitsa mawuwo pokhudza pamene palembedwa 1x kuti pakhale 1.5x kapena 2x. Koma mukamva nambala, bwezani pa liwiro la masiku onse, mumverenso, mulembe. "Fifitini" ndi "fifite" zimamveka chimodzimodzi munthu akamalankhula ali panjinga yamoto.

Ngati amene mukumufupikitsirayo savutika kuwerenga, mulembereni. Ngati amavutika, mujambulireni mawu osapitirira mphindi imodzi, motsata dongosolo lomwe lija, kenako mutumize kauthenga kolembedwa kokhala ndi ndalama ndi tsiku zokha. Mwana wa pakhomopo adzawawerengera, ndipo adzakhala ndi poyang'ana akafika kwa wotumiza ndalama.

Panali mkangano woopsa. Ndimuuze kapena ndibise?

Zimatengera ngati mkanganowo watha, ndiponso ngati ukumukhudza.

Ngati watha ndipo sukumukhudza, usiyeni. Kuubwereza m'chidule n'kukolezanso moto umene anzanu avutika kuzimitsa. Ngati watha koma bala likadali laliwisi, mzere umodzi wochenjeza ndi wokoma mtima: "Nkhani ya galimoto inavuta koma yatsekedwa, ndi bwino osaiyambitsanso." Popanda mzere umenewu munthu wosadziwa amalowa pagulu mosangalala n'kufunsa kuti, "Bwanji osatenga galimoto ya mwana wathu uja?" ndipo zonse zimayambiranso.

Ngati sunathe, ndiye kuti uli m'gulu la "zatsala", ndipo muyenera kunena mbali zonse ziwiri. Apa mayeso anga ndi awa: kodi munthu wa mbali imene ine sindikugwirizana nayo, atawerenga mzere wanga, angavomere kuti ndi zimene akunenadi? Ngati ndalemba kuti "ena akufuna galimoto yodalirika, ena akungofuna kukondera wachibale", ndaweruza kale mlandu. Zoona zake n'zakuti ena akufuna ya wachibale chifukwa amalola kulipidwa pambuyo, ena akuikana chifukwa inachedwa chaka chatha. Mbali iliyonse ili ndi chifukwa chake, ndipo wobwera mochedwa ali ndi ufulu womva zifukwazo asanasankhe. Maganizo anu mutha kuwanena, koma mu uthenga wina, mutanena poyera kuti awa ndi anga.

Mayina atchuleni pa ntchito, osati pa mawu okhadzula. "Msungichuma ndi amene akulandira ndalama" n'zofunika. "Uje anati uje ndi wakuba" n'zosafunika, ndipo kumbukirani kuti chidule chimayenda. Chimene mwalembera munthu mmodzi usiku, m'mawa chili kwa anthu khumi.

Bwanji osangomutumizira mauthenga ofunikawo mmene alili?

Uthenga wopatsirana umafika wopanda dzina la amene anaulemba poyamba ndiponso wopanda tsiku limene unalembedwa. Mukatumiza khumi motsatizana, munthuyo amalandira mulu wa mawu osadziwika mwini, ndipo wa 2600 ndi wa 2750 amaoneka ofanana mphamvu. Mwamusamutsira ntchito imene anakupemphani kuti mumuchitire.

Chimene chimathandiza ndi kulemba chidule chanu, kenako n'kuphatikizapo chinthu chimodzi chimene sichifupikitsika, monga chithunzi cha mndandanda wa mayina ndi matumba. Zimenezi zimafunika kwambiri kwa munthu amene wangolowetsedwa kumene m'gulu, pakuti iye amayamba kuona kuchokera pamene walowera, pokhapokha wina atamugawira zam'mbuyo. Kwa wotereyu onjezani mzere umodzi pamwamba wonena cholinga cha gulu ndi amene akutsogolera. Amene anangochokapo masiku atatu mzere umenewu saufuna.

Ndilembe pagulu kapena kwa iye yekha?

Zonse zili ndi malo ake. Gawo la "za inu", makamaka ngati muli ngongole kapena ndalama imene sanapereke, lipite kwa iye yekha. Palibe amene amakonda kukumbutsidwa ngongole anthu 22 akuonerera.

Gawo la "zagwirizanidwa" ndi "zatsala" ndimakonda kuliika pagulu, chifukwa kumeneko limayesedwa. Ngati ndalakwitsa, wina amandikonza nthawi yomweyo, ndipo ena amene anali chete chifukwa cha manyazi ofunsa amapindula nawo. Ndikatero ndimaukhoma uthengawo pamwamba pa gulu. Mumaudinikiza n'kusankha Pin ngati foni ili m'Chingerezi, kapena Afixar, pena Fixar, ngati ili m'Chipwitikizi, ndipo imakufunsani ngati ukhale maola 24, masiku 7 kapena masiku 30. Pa nkhani yothamanga ngati ya feteleza ndimasankha masiku 7. Mukakhoma chidule chatsopano, chotsani chakale. Ziwiri zikakhala pamwamba, wina adzatsata cholakwika.

Ndikulembera munthu wamkulu. Kodi kufupikitsa sikuoneka ngati mwano?

Kungaoneke choncho mukalumpha moni. Kwa apongozi, amalume kapena amfumu simungayambe ndi "2750 metikali" ngati mukuitanira malonda pamsika. Mzere woyamba ukhale wa ulemu, ndipo ngati achokera kumaliro kapena kuchipatala, pepesani kaye. Mzere umodzi ndi wokwanira, kenako lowani m'nkhani. Gawo lowauza chochita lisamveke ngati lamulo: "msungichuma amapempha ngati mungatumize pofika Lachisanu" m'malo mwa "tumizani Lachisanu". Koma ulemu usameze tsiku. Ndaonapo mauthenga ofewa kwambiri moti wamkuluyo sanazindikire kuti pali tsiku lomaliza.

Lembani m'chilankhulo chimene munthuyo amawerenga bwino, ngakhale gulu litasakaniza Chichewa, Chinyungwe ndi Chipwitikizi, monga zimakhalira tikakhala ndi abale a ku Tete kapena ku Mowatize.

Ndatumiza kale, kenako ndaona cholakwa, kapena zinthu zasintha. Nditani?

WhatsApp imalola kukonza uthenga mkati mwa mphindi 15 mutautumiza. Zimenezi n'zabwino pa chilembo cholakwika. Pa ndalama kapena tsiku musadalire kukonza mwakachetechete, chifukwa amene anawerenga kale sabwereranso kukaona ngati mwasintha. Tumizani uthenga watsopano woyankha wakalewo, woyamba ndi liwu lakuti KUKONZA, ndipo munene chakale ndi chatsopano: "Ndinalemba 2600, ndinalakwitsa, ndi 2750." Ngati munthuyo akhoza kukhala ali kale pa njira yokatumiza ndalama, muimbireni. Ndi zimene ndinachita ndi bambo aja: ndinawaimbira, ndinapepesa, ndipo ndinapempha msungichuma kuti awadikire mpaka Loweruka masana popeza kuchedwako kunachokera kwa ine.

Kodi pali nthawi imene chidule sichikwanira?

Ilipo. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Chidule chilichonse chimadutsa m'maso mwa munthu mmodzi, ndipo munthuyo amasankha. Pa feteleza kusankha kwanga sikuvulaza wina. Koma ngati nkhani ili yoti wobwera mochedwayo akunenezedwa, kapena ndi ya malire a munda, chuma cha masiye, kapena akuyembekezeka kuweruza pakati pa anthu awiri, mizere isanu ya mlembi si maziko oti aimepo. Pamenepo ntchito yanu ndi kumulozera: "Nkhani ikukukhudzani, yayambira pa uthenga wa Lachiwiri 15 koloko, muwerenge nokha kuyambira pamenepo musanayankhe." Muthanso kuyankha uthenga woyambawo pagulu n'kumutchula, kuti akakhudza yankho lanu foni imufikitse pomwepo.

Nthawi inanso ndi pamene inuyo muli mbali ya mkanganowo. Pemphani wina amene sanalowemo kuti alembe, kapena lembani n'kumuonetsa wa mbali inayo musanatumize.

Ine ndiye wobwera mochedwayo. Ndifunse bwanji kuti andithandize msanga?

Musaponye "zikuyenda bwanji kuno?" pagulu. Mudzalandira mayankho asanu osiyana, kapena simudzalandira lililonse. Sankhani munthu mmodzi amene amatsata nkhani, kawirikawiri mlembi, ndipo mumuuze pamene munasiyira: "Achimwene, ndinasiya kuwerenga Lolemba masana pamene amakamba za mtengo. Chagwirizanidwa n'chiyani, ndipo pali chimene chikudikira ine?" Mwamupatsa poyambira ndi pothera, ndipo ntchito ya theka la ola yasanduka ya mphindi zisanu.

Mukalandira chidulecho, yang'anani ola limene chinalembedwa, kenako werengani nokha mauthenga amene abwera pagulu pambuyo pa ola limenelo. Kawirikawiri amakhala ochepa. Musanatumize ndalama, bwerezani nambala kwa wolandirayo: "Mayi msungichuma, ndikutumiza 8550 ya matumba atatu pamodzi ndi galimoto, ndi yomweyo?" Dikirani ayankhe, kenako tumizani.